Katundu Akamaperewera M'sitolo: Mmene Mungayezere Vutoli ndi Kupeza Gwero Lake

Nthawi iliyonse yowerenga katundu ikakwana, masitolo ambiri amakumana ndi nkhani imodzimodzi: buku kapena kompyuta ikunena kuti katundu alipo wochuluka chakuti, koma pa mashelefu ndi m'chipinda chosungiramo katundu akupezeka wochepa. Kusiyana kumeneku ndiko kuperewera kwa katundu, kumene ogwira ntchito m'masitolo amangokutchula kuti shoteji. Mwini sitolo akaona shoteji, maganizo ake amathamangira kwa mbava, ndipo sipatenga nthawi kuti ayambe kuyang'ana kashiya ndi mlonda ndi diso lokayikira. Komatu nambala imene yatuluka powerenga imangotiuza kukula kwa kusiyanako, sitiuza chimene chakubweretsa, chifukwa paketi yobedwa, paketi yosweka imene inatayidwa osalembedwa, ndi paketi imene sinafike n'komwe koma inalowetsedwa m'buku, zonsezi zimaoneka mofanana pa pepala. Choncho ntchito ya wofufuza ndi kuyamba wayeza molondola, kenako kuchotsa pa nambalayo chilichonse chimene chili ndi umboni, ndipo kuba kuganiziridwe pa zotsalazo.

Mmene kuperewera kumayezedwera

Pamafunika manambala awiri. Yoyamba ndi katundu amene ayenera kukhalapo malinga ndi zolembedwa, ndipo yachiwiri ndi katundu amene wapezekadi atawerengedwa ndi manja. Nambala yoyambayo imapezeka potenga katundu amene analipo pa kuwerenga kwapitako, kuphatikizapo amene walandiridwa kuchokera nthawi imeneyo, n'kuchotsapo aliyense amene watuluka m'njira yodziwika.

```
wa m'buku = woyambira + wolandiridwa - wogulitsidwa - wobwezedwa kwa wotigulitsa - wowonongeka wolembedwa
kuperewera = wa m'buku - wowerengedwa
peresenti = (mtengo wa kuperewera ÷ malonda a nyengoyo) × 100
```

Ngati sitolo ili ndi nthambi zina, katundu wotumizidwa kunthambi amachotsedwanso ndipo wochokera kunthambi amaphatikizidwa. Katundu amene ogula abweza ndipo wabwerera pa shelefu amachotsedwa pa wogulitsidwa.

Tiyerekeze kuti m'miyezi itatu sitolo yagulitsa katundu wa ndalama 5,000,000, ndalama za dziko lililonse. Buku likuti katundu wotsala ndi wa 1,200,000 pa mtengo wogulitsira, koma atawerengedwa wapezeka wa 1,125,000. Kuperewera ndi 75,000, ndipo tikagawa ndi malonda tikupeza 1.5 peresenti. Kuti muone ngati imeneyi ndi yaikulu kapena yaing'ono, bungwe la National Retail Federation la ku United States linapeza kuti m'chaka cha 2022 kuperewera m'masitolo a dzikolo kunali pafupifupi 1.6 peresenti ya malonda, pamene chaka cham'mbuyo mwake kunali 1.4 peresenti. Nambala ya dziko lonse yotereyi ingokhala chizindikiro chabe, popeza sitolo yogulitsa katundu wosachedwa kuwonongeka singafanane ndi yogulitsa zitsulo, ndipo muyeso wothandiza kwenikweni ndi kuyerekeza sitolo yanu ndi mmene inalili m'nyengo zapitazo.

Pali msampha umodzi pa masamu amenewa umene umakola anthu ambiri, ndiwo kusakaniza mtengo wogulira ndi mtengo wogulitsira. Ngati katundu wosowa uja anagulidwa pa magawo atatu mwa anayi a mtengo wogulitsira, mtengo wake wogulira ndi 56,250, ndipo munthu akagawa nambala imeneyi ndi malonda a 5,000,000 apeza pafupifupi 1.1 peresenti, n'kuyamba kusangalala kuti zinthu zasintha pamene palibe paketi ngakhale imodzi imene yabwerera. Njira zonse ziwiri zimagwiritsidwa ntchito, ndipo palibe yolakwika pa yokha, koma sitolo isankhe imodzi, iilembe poyera pamwamba pa lipoti, ndipo isamaisinthe chaka ndi chaka. Amene amasunga buku lawo pa mtengo wogulitsira akumbukirenso kuti kutsitsa mtengo kulikonse kuyenera kulembedwa, chifukwa katundu wa 100 akagulitsidwa pa 80 buku osauzidwa, 20 yotsalayo idzatuluka ngati shoteji ngakhale kuti palibe chasowa.

Kuwerenga kumene kungadaliridwe

Kuwerenga kosasamala kumabala shoteji yabodza, ndipo nthawi zina kumabisa yeniyeni. Chinthu choyamba kusamala ndi malire a nthawi. Pa ola limene kuwerenga kukuyamba, katundu asalowe ndiponso asatuluke, ndipo mapepala onse a katundu amene wafika akhale atalowetsedwa kale m'buku. Galimoto ikafika madzulo a tsiku lowerengera, makatoni n'kuwerengedwa pamodzi ndi ena pamene invoisi yake idzalowetsedwa mawa, sitolo idzaoneka ngati ili ndi katundu wopitirira, ndipo kupitirirako kudzaphimba kuperewera kwenikweni. Zikachitika mosemphanitsa, invoisi n'kulowa koma makatoni akadali panjira, padzatuluka shoteji yaikulu imene idzadzikonza yokha pa kuwerenga kotsatira. Mukaona katundu wina ataperewera kwambiri m'nyengo imodzi kenako n'kupitirira ndi nambala yofananayo m'nyengo yotsatira, dziwani kuti vuto lili pa malire a nthawi kapena pa kuwerenga, osati pa anthu.

Chachiwiri n'chakuti wowerenga asapatsidwe pepala losonyeza nambala ya m'buku. Munthu akadziwa kuti payenera kukhala 60, maso ake amaona 60, makamaka akatopa, ndipo ngati ali ndi chobisa amangokopera nambalayo. Apatsidwe dzina la katundu ndi malo ake basi, alembe chimene wapeza, ndipo kuyerekeza kuchitidwe ndi munthu wina. Makatoni otsegula awerengedwe m'kati, ndipo ngakhale omata ena atsegulidwe mwa apo ndi apo, chifukwa katoni yopanda kanthu yoikidwa pansi pa mulu ndi chinyengo chakale kwambiri.

Chitsanzo cha mtundu umodzi wa katundu

Peresenti ya sitolo yonse sikulozerani pamene muyenera kuyambira. Muyenera kusanja mitundu ya katundu kuyambira umene wataya ndalama zambiri, n'kutenga mitundu khumi kapena makumi awiri yapamwamba, chifukwa kawirikawiri gawo lalikulu la kuperewera limakhala m'mitundu yochepa. Tiyeni titsatire mtundu umodzi mpaka pa mapeto, mapaketi a mabatire a AA, amene ndi aang'ono, odula ndiponso osavuta kugulitsanso, motero aliyense angafulumire kunena kuti abedwa.

Pa kuwerenga kwapitako panali mapaketi 240. M'nyengoyi analandiridwa makatoni asanu amene kompyuta imawatenga kuti ali ndi mapaketi 48 iliyonse, ndiye kuti 240 enanso. Tilu ikusonyeza kuti agulitsidwa 310, mapaketi 10 anabwezedwa kwa wotigulitsa, ndipo 4 analembedwa kuti awonongeka. Buku likuti payenera kutsala 156, koma owerenga apeza 97. Akusowa 59, kumene ndi pafupifupi paketi imodzi pa mapaketi asanu aliwonse ogulitsidwa.

Choyamba ndi kuwerenganso, ndipo awerenge munthu wina amene ayende sitolo yonse, osangoima pa shelefu ya mabatire. Katundu wamng'ono ngati ameneyu amapachikidwa m'malo angapo, ndipo m'chitsanzo chathu mapaketi 12 apezeka atapachikidwa pafupi ndi tilu yachiwiri, pamene wowerenga woyamba sanafike. Atsala 47.

Kenako yang'anani katundu wofanana naye. Mabatire a AAA ali m'mapaketi ofanana mtundu ndi a AA, ndipo lipoti likusonyeza kuti iwo apitirira ndi mapaketi 15. Katundu sachuluka yekha, choncho kupitirira kulikonse ndi chizindikiro cha kulemba kolakwika penapake. Chimene chachitika apa n'chakuti bakodi ikakana kuwerengeka, kashiya amasankha dzina pa sikirini, ndipo maulendo 15 anasankha AAA pamene wogula anatenga AA. Zimachitikanso wogula akabweretsa mapaketi osakaniza, kashiya n'kudutsitsa imodzi pa sikana ndi kuchulukitsa ndi nambala ya onse. Ngati mitengo ya mitundu iwiriyi ndi yofanana, palibe ndalama yatayika, koma ngati ikusiyana, sitolo yataya kapena yapindula ndi kusiyanako kokha. Atsala 32.

Gawo lachitatu ndi la pakhomo lolandirira katundu, ndipo m'kuona kwanga ndi limene limanyalanyazidwa koposa, chifukwa wolandira amakhala pa changu, dalaivala akumuyembekezera, ndipo kuwerenga makatoni n'kosavuta kusiyana ndi kuwerenga zam'kati. Tengani mapepala atatu muwaike pamodzi: oda imene munatumiza, pepala lobwera ndi katundu limene wolandira anasainira, ndi invoisi. M'chitsanzo chathu, makatoni awiri omaliza akadalipo m'chipinda chosungiramo, ndipo pambali pake palembedwa kuti muli mapaketi 40, osati 48. Wopanga anachepetsa kukula kwa katoni, koma kompyuta inapitiriza kuchulukitsa katoni iliyonse ndi 48, motero inalowetsa mapaketi 16 amene sanafikepo. Funso lofunika apa n'lakuti invoisi inalipiritsa angati. Ngati inalipiritsa 40 pa katoni, cholakwika ndi cha m'buku chabe ndipo chingokonzedwa, koma ngati inalipiritsa 48, sitolo yalipira katundu amene sinalandire ndipo iyenera kupempha wotigulitsayo kuti abweze, mwachangu, chifukwa ogulitsa ambiri amaika nthawi yochepa yolandirira madandaulo otere. Atsala 16.

Gawo lachinayi ndi katundu wowonongeka ndi wogwiritsidwa ntchito m'sitolo momwemo. M'bokosi lina kuseri mwapezeka mapaketi 6 ong'ambika ndi otayikira, amene wina anawachotsa pa shelefu ndi mtima wabwino koma sanawalembe, ndipo owerenga anawadumpha poona kuti sangagulitsidwe. Mapaketi 3 anatengedwa ndi ogwira ntchito kuti aike mu sikelo ndi mu tochi ya mlonda, ndipo atafunsidwa avomera mosabisa, popeza sankaona kuti n'cholakwika. Atsala 7.

Mapaketi 7 amenewa ndiwo kuperewera kosadziwika gwero, ndipo pamene mapaketi awiri opanda kanthu apezeka atakankhiridwa kuseri kwa katundu wina, pali chifukwa chomveka choganizira kuti ena mwa iwo anabedwa ndi ogula. Taonani kusiyana kwake: tinayamba ndi 59, koma amene angakhale obedwa saposa 7. Mwini sitolo akanathamangira kugula makamera kapena kudula malipiro a kashiya, makatoni a 40 akanapitiriza kulowa ngati a 48, ndipo shoteji ikanabweranso mwezi wotsatira. Sikuti nthawi zonse zimatha chonchi ayi, pakuti pali masitolo amene mukachotsa zolakwika zonse gawo lalikulu limatsalabe, ndipo kumeneko kuba kulipodi, koma simungadziwe kuti muli mbali iti musanayende njira imeneyi.

Maonekedwe a kuperewera amaloza gwero lake

Nambala yeniyeni ya zosowa imanena zambiri kwa munthu woiyang'anitsitsa. Ngati zosowa zikufanana ndendende ndi katoni yathunthu kapena makatoni angapo, monga 24, 48 kapena 72 pa katundu wobwera m'makatoni a 24, yang'anani kolandirira katundu ndi khomo lakuseri, chifukwa wogula satuluka ndi katoni pakhomo lakutsogolo anthu osamuona. Ngati zikusowa chimodzichimodzi kapena ziwiriziwiri tsiku ndi tsiku pa katundu wamng'ono amene ali pakona yosaoneka kuchokera pa tilu, kuba kwa ogula ndiko koyenera kuganiziridwa, ndipo umboni wake umakhala mapaketi ong'ambidwa ndi zizindikiro zachitetezo zothothola zimene osesa amapeza; n'chifukwa chake ndi bwino kuuza osesa kuti asamataye zinthu zoterezi koma azizipereka kwa manejala. Ngati shelefu yonse ya katundu wodula yasesedwa pa nthawi imodzi, amenewo ndi akuba okagulitsanso, ndipo amabwerera pamene aona kuti n'posavuta.

Palinso chizindikiro chimene ambiri amachiseka m'malo mochifufuza, ndicho kompyuta kusonyeza katundu wotsala wochepera ziro. Sitolo singagulitse chinthu chimene ilibe, choncho nambala yotereyi ikutanthauza kuti katundu anafika osalowetsedwa, kapena analowetsedwa pa dzina la katundu wina, amene tsopano akuoneka woperewera. Lipoti la katundu wochepera ziro liyenera kuonedwa mlungu uliwonse, chifukwa ndi njira yotsika mtengo kwambiri yogwirira zolakwika zisanakule.

Kuba kwa pa tilu n'kovuta kukuona chifukwa wochita amadziwa mmene dongosolo likuyendera. Njira imodzi ndi kudutsitsa katundu wa mnzake kapena wachibale osamulowetsa mu sikana, kapena kulowetsa chinthu chotchipa m'malo mwa chodula. Apa ndalama za mu tilu zimagwirizana bwinobwino ndi lipoti la tsikulo, ndipo chimene chimaperewera ndi katundu yekha, motero manejala amene amangowerenga ndalama madzulo sadzaona kanthu. Njira ina ndi kufafaniza malonda wogula atalipira ndi kuchoka osatenga lisiti, ndalamazo n'kulowa m'thumba. Kompyuta imakhulupirira kuti katunduyo sanagulitsidwe pamene watuluka kale. Yachitatu ndi kubweza kwabodza, pamene kashiya amalemba kuti wogula wabweza katundu ndipo wapatsidwa ndalama zake, chikhalirecho palibe wogula kapena katundu amene wabwera, ndipo buku limawonjezera chinthu chimene kulibe.

Njira ziwiri zomalizazi zimasiya mapazi m'malipoti a tilu. Yerekezani makashiya onse pa nambala ya malonda ofafanizidwa, zobwezedwa, mitengo yosinthidwa ndi manja, ndi maulendo amene kabati ya ndalama yatsegulidwa popanda malonda, ndipo muyerekeze pa malisiti 100 aliwonse, osati pa chiwerengero chonse, kuti wogwira ntchito maola ambiri asaoneke wolakwa chifukwa cha kulimbikira kwake. Yang'ananinso nthawi yake, chifukwa zobwezedwa zochuluka m'mphindi zoyambirira sitolo itangotsegulidwa kapena itatsala pang'ono kutsekedwa, pamene ogula ndi ochepa, zimafunika kufotokozedwa. Ndalama zopitirira mu tilu nazonso n'zokayikitsa mofanana ndi zoperewera, pakuti munthu amene wakhala akulandira ndalama osalemba amazisunga mu kabati momwemo mpaka atapeza mpata, ndipo kuwerenga kwadzidzidzi pakati pa tsiku kumapeza zochuluka kuposa lipoti. Komabe nambala yokwera si umboni wa kuba. Kashiya watsopano amene sanaphunzitsidwe bwino amafafaniza malonda ambiri chifukwa cholakwitsa, ndipo sikana yofooka imakakamiza munthu kulemba ndi manja. Lipoti likuuzani malisiti oyenera kuwaona ndi maola a kamera oyenera kuwabwereza, basi.

Kuchepetsa nthawi imene katundu akusowera

Kuwerenga kamodzi pa chaka kumathandiza wowerengera ndalama kutseka mabuku, koma kwa wofufuza n'kopanda ntchito kwenikweni, popeza chinthu chosowa chingakhale chinatuluka tsiku lililonse mwa masiku 365, pansi pa aliyense wa ogwira ntchito, ena mwa iwo atachoka kale. Mankhwala ake ndi kuwerenga mitundu yochepa pafupipafupi. Mitundu imene yatsala ndi kuperewera kosadziwika gwero iwerengedwe tsiku lililonse kwa milungu iwiri kapena itatu, potseka ndi potsegula, ndipo ngati pali mashifiti, iwerengedwenso posinthana. Ntchitoyi imatenga mphindi zochepa ngati mitunduyo siposa khumi.

Pa pepala lililonse palembedwe nambala ya pa shelefu ndi ya m'chipinda chosungiramo mosiyana, pamodzi ndi amene wasamutsidwa kuchoka m'chipinda kupita pa shelefu, ndi amene tilu yagulitsa m'maola amenewo. Tibwerere ku mabatire aja: m'mawa pa shelefu pali 30, masana awonjezeredwa 12, tilu yagulitsa 9, ndiye madzulo payenera kukhala 33. Mukapeza 31, awiri asowa masana pa shelefu, ndipo oganiziridwa ndi ogula kapena tilu. Ngati madzulo panali 33 koma m'mawa mwake pali 31, ogula sakukhudzidwa konse, ndipo funso likupita kwa amene ali ndi makiyi kapena amene amatsala sitolo itatsekedwa. Ngati pa shelefu zonse zikugwirizana koma m'chipinda mukuchepa, vuto lili kuseri, ndipo muyenera kuona amene amalowako, komanso zinyalala ndi makatoni opanda kanthu amene amatulutsidwa, chifukwa katundu amatha kubisidwa m'menemo n'kukatengedwa panja. N'chifukwa chake masitolo ambiri amalamula kuti makatoni aphwanyidwe asanatuluke ndiponso zinyalala ziikidwe m'matumba oonekera m'kati.

Kawirikawiri zimachitika kuti kuwerenga kwa tsiku ndi tsiku kukangoyamba, kuperewera kumaima. Ena amakhumudwa nazo poganiza kuti ataya mwayi wogwira wakuba, koma izi zokha zakuuzani kanthu, chifukwa wogula wochokera panja sadziwa kuti mwayamba kuwerenga, ndiye ngati kusowa kwaleka, wochitayo ndi munthu amene akuona pepalalo, kapena ogwira ntchito angoyamba kusamala polemba.

Kulemba zowonongeka

Katundu wowonongeka ndi kuperewera kumene kungadziwike konse ngati pali buku lake, ndipo kusiyanitsa kuperewera kodziwika ndi kosadziwika ndiko kumapangitsa lipoti kukhala lothandiza. Chilichonse chosweka, chonyowa, chodyedwa ndi tizilombo kapena chopitirira tsiku lake chilembedwe tsiku lomwelo, ndi dzina lake, kuchuluka kwake, chifukwa chake ndi malo amene chawonongekera, ndipo munthu wachiwiri achione asanasainire. Kenako chiwonongedwe kapena chibwezedwe kwa wotigulitsa, chisangokhala m'bokosi, chifukwa paketi imodzi yong'ambika ingathe kusonyezedwa katatu kuti iphimbe mapaketi abwino amene atengedwa.

Pano pali chinthu chimene mamanejala okhwima amalakwitsa. Akamalipiritsa wogwira ntchito chilichonse chimene wagwetsa, anthu amaleka kunena, zosweka zimakwiriridwa m'zinyalala, ndipo kuwonongeka kumene kukanadziwika kumasanduka shoteji yosadziwika gwero imene imaoneka ngati kuba. Buku la zowonongeka limene lakhala lopanda kanthu kwa mwezi wathunthu m'sitolo yotanganidwa silikusonyeza kusamala, likusonyeza mantha. Likamalembedwa moona, limaulula zinthu zokonzeka mosavuta, monga makatoni osanjikidwa kuposa mmene alembedwera pambali pake, denga lodontha pakona imodzi, mpeni wotsegulira makatoni umene umacheka katundu wam'kati, kapena chizolowezi choika katundu watsopano kutsogolo wakale n'kumakalambira kumbuyo.

Kukonza buku ndi kuona ngati mankhwala agwira

Kufufuza kukatha, buku likonzedwe kuti ligwirizane ndi zimene zawerengedwa, koma kusintha kulikonse kulembedwe ndi chifukwa chake, ndipo wovomereza kusinthako asakhale yemwe amasunga katunduyo. Munthu mmodzi akakhala ndi mphamvu yolandira katundu, kumulowetsa mu kompyuta ndi kusintha manambala, angathe kufafaniza shoteji iliyonse isanaoneke, ndipo lipoti lake limakhala loyera nthawi zonse. M'sitolo yaing'ono imene ilibe anthu okwanira kugawana ntchitozi, mwini wake aziona yekha mndandanda wa zosinthidwa mlungu uliwonse.

Pa mabatire aja, zolembedwa zikhale motere: 12 ndi kuwerenga kolakwika ndipo salowa m'kuperewera, 15 asamutsidwe pakati pa AA ndi AAA, 16 akonzedwe pa kukula kwa katoni ndi kutsatiridwa kwa wotigulitsa ngati analipiridwa, 6 alowe m'zowonongeka, 3 alowe m'zogwiritsidwa ntchito ndi sitolo, ndipo 7 atsale pa zosadziwika. Mankhwala a gawo lililonse ndi osiyana, kuyambira kulemba malo onse amene katundu amapachikidwa, kulamula kuti chinthu chilichonse chizidutsa pa sikana pachokha, kutsegula makatoni a katundu wodula dalaivala asanachoke, mpaka kusamutsa mabatire kuti akhale pamene kashiya akuwaona ndi kuchepetsa ochuluka pa shelefu nthawi imodzi. Musanagule zida zachitetezo, yerekezani mtengo wake ndi wa gawo losadziwikalo lokha, osati wa shoteji yonse, ndipo mukumbukire kuti kutsekera katundu m'kabati kumachepetsa kuba komanso kumachepetsa malonda. Poyeza kulemera kwa chotayikacho, taganizirani chinthu chogulidwa pa 80 n'kugulitsidwa pa 100: chimodzi chikasowa, pafunika kugulitsa zinayi kuti phindu lake lingobweza ndalama yogulira chosowacho.

Mukasintha zinthu, sinthani chimodzi kapena ziwiri pa nthawi, mulembe tsiku lake, ndipo mupitirize kuwerenga mitundu yomweyo kamodzi pa mlungu kwa mwezi umodzi kapena iwiri. Kuperewera kukatsika n'kukhalabe kotsika, mtunduwo uchotsedwe pa mndandanda wa tsiku ndi tsiku ndipo m'malo mwake mulowe wotsatira pa lipoti. Kukatsika kwa milungu iwiri kenako n'kubwerera mwakale, ndiye kuti chimene chinagwira ntchito chinali kuyang'aniridwa kokha, ndipo muyenera kubwerera ku mapepala a potseka, potsegula ndi posinthana mashifiti kuti muone maola amene katundu wayambiranso kusowa.